Kuthokoza masiponsa ndi kulengeza mwambo wotsatira mu uthenga umodzi: mafunso ndi mayankho

Mwambo ukatha, munthu woyendetsa tsamba la komiti pa Facebook kapena Instagram amakhala ndi ntchito ziwiri pa foni imodzi: kuthokoza amene anathandiza, ndi kuuza anthu kuti kukubweranso china. Mayankho ali pansipa akutsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza. Komiti ya achinyamata pa malo ena a malonda yachititsa bonanza ya ntchemberembaye Loweruka, matimu 8 asewera, ndipo ikufuna kuchititsa ina pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Anathandiza ndi awa: a hadiweya anapereka K300,000 ya mphoto, a golosale anapereka makatoni 20 a madzi, mwini minibasi ananyamula matimu awiri akutali mwaulere, wosindikiza anapanga chikwangwani pa theka la mtengo, ndipo mayi wina wa m'deralo amene ali ku Joni anatumiza K100,000. Mlendo wolemekezeka analonjeza mayunifolomu pa chimkuzamawu, koma sanabwere nawo.

Kodi sizioneka ngati dyera kuthokoza kwinaku tikutsatsa mwambo wina?

Zimaoneka choncho ngati kuthokozako kwangokhala mlatho. Aliyense anawerengapo uthenga wa mtunduwu: "Zikomo masiponsa athu onse, Mulungu akudalitseni," kenako mizere khumi ya tsiku, malo, mtengo wa pakhomo ndi nambala za foni. Mwini hadiweya akawerenga zotere amaona kuti K300,000 yake yagula mawu asanu ndi limodzi, ndipo dzina lake mulibe.

Pali njira yophweka yodziyesera. Phimbani ndi chala gawo lolengeza, muwerenge chotsalacho. Ngati chotsalacho mungachitumize kwa siponsa pachokha osachita manyazi, uthenga wanu uli bwino. Ngati chikuoneka ngati moni wa panjira, bwererani mukalembenso.

Kuphatikiza ziwirizi kuli ndi phindu lake. Masiku awiri oyamba mwambo utatha, anthu amabwera okha pa tsamba kudzafuna zithunzi zawo, amatagana ndi kutumizirana. Chilengezo chikakhala pamenepo chimafika kwa anthu amene angosangalala kumene, ndipo siponsa nayenso amaonedwa ndi khamu lomwelo. Mukadikira masabata awiri kuti mulengeze padera, mumayamba kuitana anthu amene aiwala kale.

Chiyambe ndi chiyani, kuthokoza kapena kulengeza?

Yambani ndi zimene zachitika, dzina la siponsa wamkulu lili momwemo, ndipo chilengezo chibwere kumapeto. Chifukwa chake ndi momwe mapulogalamuwa amadulira mawu. Pa Instagram mungalembe mpaka zilembo 2,200, koma munthu amene akudutsa amangoona zilembo pafupifupi 125, zinazo zimabisika mpaka atadina "more". Facebook nayo imadula ndi "See more" pakatha mizere yochepa, ndipo malo odulira amasiyana malinga ndi foni. Anthu ambiri sadina. Choncho mzere woyamba ndiwo malo a mtengo wapatali, ndipo amene anapereka zambiri ndiye woyenera kukhalamo.

Yerekezani mizere iwiri iyi. Woyamba: "Choyamba tikufuna kutengerapo mwayi uno kuthokoza aliyense amene anatengapo gawo m'njira ina iliyonse pa mwambo wathu." Zilembo zatsala pang'ono kutha, palibe dzina, palibe nkhani. Kalankhulidwe kameneka nkapamsonkhano, pamene anthu akhala kale pansi ndipo sangathawe. Wachiwiri: "Matimu 8 asewera, chikho chapita, ndipo mphoto yonse inachokera kwa a hadiweya ya pamsika. Zikomo!" Uwu ukukwana bwinobwino usanadulidwe, ndipo wanena kale zinthu zitatu.

Wina anganene kuti chilengezo chikakhala pansi sichiwerengedwa. Nzoona kuti ochiwerenga amachepa. Yankho lake ndi kuika tsiku la mwambo wotsatira pa chithunzi chomaliza cha positi yomweyo, ndi kulibwereza mu ndemanga yoyamba, osati kulanda malo a siponsa.

Mayina tiwasanje bwanji? Ndani ayambe?

Apa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira, ndiye ndikhalitsapo pang'ono.

Ngati panali mgwirizano wolembedwa, uwerengeni kaye. Makampani akuluakulu amakonda kulemba momwe dzina lawo lizilembedwera, pamene logo ikhale, ndipo ena amafuna kuona uthenga usanatuluke. Ngati siponsa anagula dzina la mpikisano, ndiye kuti paliponse pamene mukutchula mpikisanowo dzina lake likhalepo lonse, ngakhale likhale lalitali.

Ngati zonse zinali zapakamwa, monga zimakhalira m'madera ambiri, khalani pansi ndi msungichuma ndi kope lake. Thandizo lililonse liwerengereni mtengo, la katundu lomwe. Apa ndi pamene komiti imadzidzimuka: mwini minibasi amene aliyense amangomuona ngati "anangotinyamulira" wataya mafuta ndi ndalama za tsiku lonse la Loweruka pa msewu, ndipo mwina wapereka kuposa amene anabweretsa envulopu pamaso pa anthu. Ndalama zimaoneka, koma katundu ndi ntchito zimaiwalika msanga.

Mukatero sanjani kuyambira wamkulu. Amene apereka zofanana atsatane malinga ndi chilembo choyamba cha dzina, kuti wina akafunsa chifukwa chimene anabwerera pambuyo mukhale ndi yankho losakhudza chibale. Musasanje potengera ulemu wa munthu m'dera. Mafumu, abusa ndi mphunzitsi wamkulu amene anabwereketsa bwalo athokozedwe, inde, koma pa mzere wawo. Akasakanizidwa ndi masiponsa, onse awiri amaluza.

Ndipo aliyense atchulidwe pamodzi ndi chimene anachita. "A golosale, madzi anu anafika pa nthawi yake dzuwa lili pa liwombo" ndi mawu amene mwini golosale angaonetse mkazi wake. Mndandanda wa mayina okhaokha umawerengeka ngati kaundula wa chipepeso.

Titchule kuchuluka kwa ndalama zimene aliyense anapereka?

Funsani mwini wake, ndipo ngati simunafunse musatchule. Ena amafuna chiwerengero chioneke, chifukwa ndicho anagula. Ena amachiopa: wamalonda wa pamsika akalengezedwa kuti wapereka K300,000, m'mawa mwake pakhomo la shopu pamakhala makalata atatu opempha thandizo, kuphatikizapo abale okumbutsa ngongole zakale.

Palinso vuto la kufananiza. Mukalemba K300,000 pa mzere woyamba ndi K20,000 pa mzere wachisanu, wachisanuyo mwamuchititsa manyazi pagulu pamene mumati mukumuthokoza. Njira yabwino ndi kunena chimene ndalamazo zinachita: mphoto ya timu yopambana, malipiro a oimbira masewero, mipira iwiri. Ngati mwambo unali wosonkhetsa ndalama, ndalama zonse pamodzi zitchuleni, pokhapokha msungichuma atamaliza kuwerengera. Chiwerengero chongoganizira chimene chidzasinthe mawa chimabala mafunso akuti zinazo zapita kuti.

Nanga amene analonjeza pagulu koma sanapereke?

Musamuthokoze ngati wapereka. Mukalemba kuti "zikomo chifukwa cha mayunifolomu," osewera ayamba kufunsa komiti kuti mayunifolomuwo ali kuti, ndipo akuba mukhala inu. Komanso wolonjezayo walandira kale ulemu wake, palibenso chomufulumizitsa.

Kumusiyiratu nakonso nkudula mlatho. Muthokozeni pa chimene anachitadi: anabwera, anakhala mpaka kumapeto, anapereka chikho kwa opambana. Ngati komiti yagwirizana, mungawonjezere kuti "ndi lonjezo lawo la mayunifolomu limene atsikana akuliyembekezera." Mawu akuti lonjezo akhalepo ndithu. Akuluakulu amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, ndipo likalembedwa poyera mwaulemu chonchi nthawi zambiri limakumbukika. Ine ndimalemba zotere kamodzi kokha. Kubwereza mu positi iliyonse kumasanduka kunyoza.

Ngati mlendoyo ndi wandale, samalaninso kuti mawu anu asamveke ngati kampeni, chifukwa masiponsa amalonda amagulitsa kwa anthu a zipani zonse ndipo safuna dzina lawo pansi pa mtundu wa chipani.

Wina wati asatchulidwe dzina. Tingomusiya?

Ayi, lembani kuti "ndi mnzathu wina wakufuna kwabwino amene sanafune kutchulidwa." Iye akawerenga adziwa kuti ndi iyeyo. Koma musamuulule ndi mafotokozedwe. "Mayi athu ali ku Joni aja" pa malo ang'onoang'ono a malonda ndi dzina lathunthu.

Tichoke bwanji pa kuthokoza kupita ku chilengezo?

Mzere umodzi umenewu ndiwo umawononga mauthenga ambiri abwino. Cholakwika chofala ndi ichi: "Tikuthokoza a hadiweya, a golosale ndi a minibasi, ndipo tonse tikumananso pa 15 Okutobala!" Wowerenga amamva kuti atatuwa athandizanso mwambo wotsatira. Mwini hadiweya, amene sanafunsidwe chilichonse, amayamba kulandira mafunso kwa makasitomala ake kuti mphoto ulendo uno ikhala zingati. Mwamuika pakona: akakana aoneka woumira, akavomera ndiye kuti mwamukakamiza. Ndinaonapo siponsa wabwino akusiya komiti chifukwa cha mawu akuti "tonse" amenewa, ndipo pochoka sananene kanthu, anangosiya kuyankha foni.

Chachiwiri chofanana nacho ndi kupempha pagulu: "Tikukhulupirira kuti mutithandizanso." Pempho limapita ndi anthu awiri a komiti ku shopu, ndi kalata m'manja. Silidutsa pa Facebook.

Choncho tsekani kuthokoza ndi mpumiro, dumphani mzere, yambani chilengezo ngati nkhani yatsopano. Mlatho wabwino umachokera mu masewero, osati mwa masiponsa. Timu imene yagonja mu ndime yomaliza ikufuna kubwezera, matimu ena anatsala chifukwa malo anadzaza, anthu anapempha kuti pakhalenso ya amayi akuluakulu. Chifukwa chotere ndi choona, chimakoka anthu, ndipo sichimanga munthu aliyense.

Siponsa amene watsimikiza kale za mwambo wotsatira ndi nkhani ina. Ameneyo atchulidwe kawiri, ndipo kachiwiriko kanene poyera kuti watsimikiza.

Mungatipatse chitsanzo chathunthu?

Nachi. M'malo mwa mawu ngati "a hadiweya" mudzaika dzina lenileni lotagidwa.

> Matimu 8 asewera, chikho chapita, ndipo mphoto yonse inachokera kwa a hadiweya ya pamsika. Zikomo!
>
> A golosale, makatoni 20 a madzi aja anapulumutsa osewera dzuwa litakula. A minibasi, popanda inu matimu awiri akutali sakanafika. Osindikiza athu, chikwangwani chanu chinaonekera kuyambira kumsewu. Kwa mnzathu amene sanafune kutchulidwa: oimbira masewero analipidwa ndi inu.
>
> Tithokozenso a mfumu, aphunzitsi aakulu potibwereka bwalo, ndi mlendo wathu wolemekezeka potipatsira chikho.
>
> Ogonja mu ndime yomaliza akuti sizinathe. Bonanza ina iliko pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pa bwalo lomweli kuyambira 8 koloko m'mawa. Malo ndi a matimu 8 okha. Lembetsani timu yanu kwa mlembi pa WhatsApp pasanafike pa 8 Okutobala.

Onani kagawidwe kake. Ndime zitatu ndi zothokoza, imodzi yolengeza, ndipo mu ndime yolengezayo mulibe dzina la siponsa aliyense. Zinthu zikuluzikulu zili momwemo ndi zinayi: tsiku, malo, nthawi, ndi chochita chimodzi. Sitinauze munthu kuti alembetse, agule tikiti, atsate tsamba, atumize kwa anzake ndi kupereka thandizo pa Mpamba kapena Airtel Money nthawi imodzi. Mukapempha zisanu, wowerenga sachita ngakhale chimodzi. Ndalama zolembetsera, malamulo ndi mphoto zidzabwera mu positi yakeyake patapita masiku angapo.

Mwina mwaonanso kuti lonjezo la mayunifolomu ndalisiya. Pa komiti iyi ndinaganiza kuti apite kaye akaonane ndi mlendoyo pamaso.

Kutaga kumatheka bwanji, ndipo nkofunikadi?

Nkofunika, chifukwa ndiko kumadziwitsa siponsa kuti watchulidwa ndi kupatsa owerenga njira yofikira pa tsamba lake. Lembani @ ndi kuyamba dzina, kenako sankhani pa mndandanda umene ukutuluka. Mukangolemba dzina lonse ndi dzanja osasankha, pa Facebook limakhala mawu wamba osadinika. Mukamaliza kuposita, dinani dzina lililonse muone kumene likupita. Mabizinesi ambiri ali ndi masamba awiri kapena atatu, lina lakale losiyidwa, ndipo makampani odziwika amakhala ndi masamba abodza otsegulidwa ndi akathyali. Kutaga tsamba labodza ndi kutumiza anthu anu kwa akuba. Chabwino ndi kupempha siponsa akutumizireni yekha linki ya tsamba lake mwambo usanachitike.

Dzina la tsamba pa Facebook ndi pa Instagram kawirikawiri limasiyana, ndiye uthenga wokopera kuchoka kwina uyenera kutagidwanso. Amene alibe tsamba, monga mwini minibasi uja, mulembeni dzina la bizinesi monga lalembedwera pa galimoto, ndipo mumutumizire chithunzi cha positi pa WhatsApp. Tsamba la munthu payekha musalitage musanamufunse.

Uthenga womwewo ungapite paliponse?

Mfundo zake inde, kalembedwe ayi. Pa Facebook linki imadinika, ndiye mungaike ya WhatsApp ya mlembi motere, nambala ikuyamba ndi 265, popanda + ndiponso popanda 0 woyamba:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Pa Instagram linki ya m'mawu a pansi pa chithunzi sidinika, choncho iikeni pa mbiri ya tsamba ndi kuuza anthu kuti ili kumeneko. Pa X, akaunti yaulere imalola zilembo 280, zimene sizikwanira masiponsa asanu ndi chilengezo. Kumeneko gawani pawiri, kuthokoza kuyambe, chilengezo chikhale yankho pansi pake.

Sitetasi ya WhatsApp imazimirira pakatha maola 24. Ndi yabwino pofalitsa, koma isakhale malo okhawo amene mwathokozerapo, chifukwa siponsa akafuna kuonetsa abwana ake sabata yamawa sapeza kanthu.

Tiposite liti, ndi chithunzi chanji?

Mawa lake kapena mkuja. Usiku womwewo mumakhala otopa, msungichuma sanatseke kope, ndipo mayina amaiwalika nthawi imeneyo. Gawo la masiponsa lilembeni mwambo usanachitike, mudzangowonjezera zotsatira.

Chithunzi choyamba chikhale cha anthu: kaputeni akulandira chikho, chikwangwani cha siponsa chikuoneka kumbuyo. Chithunzi cha malogo okhaokha anthu amachidumpha ngati malonda, ndiye chiikeni chachiwiri kapena chachitatu. Pewani kuyambitsa ndi chikwangwani cha mwambo wotsatira, chifukwa chithunzi chimaoneka mawu asanawerengedwe, ndipo positi yonse imasanduka chilengezo. Zithunzi zisachuluke, anthu akuwerengera bandulo. Ngati osewera ndi ana a sukulu, pemphani chilolezo kwa makolo kapena aphunzitsi musanaike nkhope zawo.

Mwambo wotsatira uli ndi siponsa watsopano amene amapikisana ndi wakale. Titani?

Apa musaphatikize. Ngati hadiweya ina ya tsidya la msewu ndiyo ithandize ya Okutobala, uthenga wothokoza ungotchula tsiku ndi malo, dzina la watsopanoyo lidikire positi yake. Kuika awiriwa mu uthenga umodzi kuli ngati kuthokoza munthu uku mukumuonetsa womulowa m'malo. Ndipo wakaleyo amve kwa inu, pa foni kapena pamaso, asanazione pa tsamba.

Taposita kale, ndipo taiwala wina. Tichotse positi?

Musachotse. Mukachotsa mumataya ndemanga zonse, ndipo amene anaigawira pa masamba awo amatsala ndi malo opanda kanthu. Pa Facebook ndi pa Instagram mawu amasinthika positi ili pomwepo: dinani timadontho titatu pamwamba pake, sankhani "Edit post" kapena "Edit", wonjezerani dzina pa malo ake oyenera malinga ndi zimene anapereka, osati kumchira. Pa WhatsApp uthenga umasinthika mkati mwa mphindi 15 zokha, ndiye m'magulu mutumizenso wokonzedwa wonse.

Koma musanakhudze positi, imbani foni. Woiwalidwayo mwina waona kale, kapena wauzidwa ndi mnzake amene anamutumizira chithunzi cha positi yoyamba, ndipo chithunzi chimenecho simungachisinthe. Nenani mosazungulira: "Bambo, talakwitsa, dzina lanu tinalisiya. Tikukonza pompano." Musakankhire mwana woyendetsa tsamba, kope linali m'manja mwa komiti yonse.

Ngati thandizo lake linali lalikulu, kukonza mwakachetechete sikukwanira, chifukwa ambiri anawerenga kale ndipo sabwereranso. Mupatseni positi yakeyake mawa lake, ndi chithunzi cha chimene anachita, monga matimu akutsika mu minibasi yake. Mu positi imeneyo musaikemo chilengezo cha pa 15 Okutobala.